Tonde wokalamba: mphindi zingati mu pulesha kuka, maola angati mu poto wamba?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IZILALA PANG'ONOPANG'ONO)

 Amayi amene muli pamoto, abambo amene mwangoweruka kumene kuchigafa, achinyamata ophika m'malesitilanti apamsika, senderani pafupi. Lero tikambirana za nyama ya mbuzi, makamaka ija yolimba, yotopetsa nsagwada.

Msika wa fodya ukatsegulidwa, mabelo n'kuyamba kulowera ku Chinkhoma kuno ku Kasungu, m'makomo ambiri mumamveka kafungo ka nyama. Nthawi yomweyi ena amagulanso pulesha kuka, poto uja wa chivundikiro chokhoma, amene amalira ngati wakwiya akakhala pamoto. Wogulitsa amawauza kuti nyama imapsa m'mphindi 20. Akafika kunyumba n'kuponyamo nthuli za tonde, mphindi 20 zikakwana amatsegula n'kupeza nyama ikadali gwa. Ena amachita mantha n'kuisiya ola ndi theka, ndipo potsegula amapeza nyama yasanduka ulusi, mafupa ali paokha. Onsewa amamaliza ndi mawu amodzi, akuti chipangizochi n'chabodza. Chipangizocho chilibe mlandu. Chofunika ndi kudziwa mbuzi imene mwagula, kudziwa poyambira kuwerenga nthawi, ndi kuwerenga nthawi yonse osati gawo limodzi lokha.

Tiyambe ndi mbuzi. Mbuzi zathu zam'mudzi zimayenda. M'dzinja zimakhala pachingwe kuopa mbewu, koma tikangokolola zimamasulidwa n'kumazungulira minda ndi madambo tsiku lonse. Komanso mwini ziweto kawirikawiri sapha msoti woti uswa mawa. Imene imapita kwa bucha ndi tonde amene wagwira ntchito yake, kapena mkota woti wasiya kuswa. Nyama yotere imakhala ndi mitsempha yambiri ndi nembanemba zoyera zija zokuta mnofu. Zimenezi n'zopangidwa ndi chinthu chimene akatswiri amachitcha kolajeni. Chiweto chikamakula, kolajeni amalukana mwamphamvu, ndipo sasungunuka msanga. Kufewetsa nyama yolimba ndi ntchito yosungunula kolajeni ameneyu kuti asanduke msuzi wonanda, uja umamata milomo mukamadya mang'ina. Ntchito imeneyi imafuna zinthu zitatu: chinyezi, kutentha ndi nthawi. Kutentha kukakwera, nthawi imachepa.

Mungadziwe bwanji msinkhu wa mbuzi ili kale pachitsulo cha bucha? Ngati mutu ulipo, yang'anani mano akutsogolo a nsagwada yam'munsi. Mbuzi yosakwana chaka imakhala ndi timano ting'onoting'ono tokhatokha. Ikapitirira chaka imatulutsa mano awiri akuluakulu pakati, ndipo pofika zaka zinayi mano onse asanu ndi atatu amakhala akuluakulu. Ngati mutu palibe, yang'anani nyamayo. Ya mbuzi yaing'ono imakhala yofiira motuwirako, nthiti zake zopyapyala ndi zofiirira. Ya mbuzi yokalamba imakhala yofiira moderako, mafupa ake oyera ndi olimba. Funsaninso chiwalo chimene akukudulirani. Khosi, phewa, chidale ndi msongolo zili ndi mitsempha yambiri kuposa nyama ya pamsana.

Tsopano tibwere pa poto wamba. Madzi ali ndi malire ake. Kugombe la nyanja ya mchere amawira pa madigiri 100. Kuno kuchigwa cha Kasungu tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, mpweya wotipsinja ndi wopepukirako, choncho madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Akafika pamenepo sakweranso. Mukasonkhezera nkhuni zina zisanu, madzi amangobwadamuka kwambiri n'kuphwa msanga, koma kutentha kwake kumakhala komweko. Ichi n'chifukwa chake moto waukali sufulumizitsa tonde. Umangokutherani nkhuni, n'kumakutumani kumtsuko kukatunga madzi othirira. Ndipo mukathira madzi ozizira, mphika umayamba wazizira kaye, nthawi n'kumapita.

Pulesha kuka imadumpha malire amenewa potsekera nthunzi. Madalaivala a minibasi a pamsewu wa M1 akuidziwa nkhaniyi kuchokera pa ladiyeta ya galimoto: chitsekero chake chimapanikiza madzi kuti atenthe kupitirira muyeso osawira, ndipo wotsegula injini ili yotentha amapsa kumaso. Mu pulesha kuka zimachitika chimodzimodzi. Nthunzi ikasowa potulukira imapsinja madzi, ndipo madziwo amatentha mpaka madigiri 120 kumalo otsika. Kuno kwathu amafika cha m'ma 118. Yang'anani pachivundikiro kapena pansi pa poto wanu. Ena amalembedwa 100 kPa, ena 80 kPa. Wa 80 kPa amapsinja mocheperako, kuno amafika cha m'ma 115, choncho amafuna mphindi zoonjezera pang'ono. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mfalansa wina dzina lake Denis Papin anapanga mphika wotere m'chaka cha 1679 ali ku London, ndipo cholinga chake chinali chomwechi, kufewetsa mafupa ndi nyama yolimba.

Kusiyana kwa madigiri pafupifupi 20 kumeneku kumaoneka kochepa, koma pa kolajeni n'kwakukulu. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: nthawi imene nyama imatenga ikuwira mu poto wamba, igaweni patatu, ndipo gawo limodzilo ndiye nthawi yake mu pulesha kuka. Nyama ya maola atatu imafuna pafupifupi ola limodzi kapena kucheperapo pang'ono.

Tengani cholembera, ndikupatseni nthawi zoyambira. Izi ndi za nthuli za fupa, zodulidwa zala ziwiri kapena zitatu m'lifupi. Mbuzi yaing'ono yosakwana chaka, mu poto wamba ola limodzi kufika ola ndi theka, mu pulesha kuka mphindi 20 mpaka 25. Mbuzi yokhwima ya zaka ziwiri kapena zitatu, mu poto wamba maola awiri kufika awiri ndi theka, mu pulesha kuka mphindi 35 mpaka 40. Tonde kapena mkota wokalamba, mu poto wamba maola atatu, nthawi zina kupitirira, mu pulesha kuka mphindi 50 mpaka ola. Ndibwereze mwachidule: yaing'ono 20, yokhwima 35, yokalamba 50. Yambirani pamenepo, chifukwa nyama yosafewa mutha kuibwezera pamoto, koma yophwanyika simungaibweze.

(NYIMBO PANG'ONO)

Mukumvera nkhani ya nyama ya mbuzi yolimba. Tsopano tiphikire limodzi kilogalamu imodzi ya phewa ndi khosi la tonde wokalamba, mu pulesha kuka ya malita 6, pa mbaula ya makala. Tiyang'ana wotchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Nthawi ili 10 koloko m'mawa, makala ayaka. Amati tonde azinunkha, koma osati m'mbale. Choncho yambani mwasenga mafuta owonjezera, chifukwa fungo lambiri limakhala m'mafutamo, ndipo poto wokhoma salola fungo kuthawa monga amachitira poto wotsegula. Ikani nthuli mu pulesha kuka musanavundikire, thirani makapu awiri a madzi, amene ndi theka la lita, ndi mchere, adyo ndi jinja ngati muli nazo. Zikayamba kuwira, pamwamba pabwera thovu lotuwa. Liwuleni ndi supuni n'kulitaya. Thovu limeneli mukalisiya limadetsa msuzi, komanso lingatseke kabowo kotulukira nthunzi. Ena amakonda kuyamba akazinga nthuli m'mafuta pang'ono kuti zifiire. Ndi bwinonso, bola pothira madzi mupale zonse zomata pansi.

Mwina mukudabwa kuti makapu awiri okha pa tonde? Inde. Nyama siyenera kumira. Mu poto wokhoma madzi othawa ndi ochepa, ndipo nyamayo imatulutsanso madzi akeake. Mukaimiza m'madzi monga timachitira mu poto wamba, mudzapeza msuzi wa tsululu, kukoma konse kutasungunukira m'madzimo. Komanso poto asadzaze kupitirira magawo awiri mwa atatu, nthunzi imafuna malo. Tomato musathire pano. Amakhala pansi n'kupserera, ndipo simungatsegule kuti mutakase.

Mphindi 10 zadutsa. Musanakhome, kwezani chivundikiro kudzuwa n'kusuzumira pa kabowo ka pakati. Kuwala kuzioneka. Onaninso labala wozungulira m'mphepete, akhale wofewa, wosang'aluka, ndipo wakhala bwino m'malo mwake. Khomani, ikani kachitsulo kake kolemera pakabowo, moto ukhale wamphamvu.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezera masamu. Kukhoma chivundikiro si kuyamba kwa nthawi. Poto amafuna mphindi 10 mpaka 15 kuti nthunzi ikwane. Mudzayamba kumva kaphokoso kapansipansi, kenako kachitsulo kayamba kugwedera kapena kulira mosalekeza. Pa mapoto ena pamatumphuka kamsomali kosonyeza kuti mphamvu yakwana. Pamenepo ndiye yang'anani wotchi kapena tcherani alamu pafoni. Kwa ife nthawi yakwana 10:25, ndipo mphindi 50 zathu zikuyambira apa. Amene anawerenga mphindi 20 kuchokera pokhoma uja, nyama yake inaphikidwa ndi mphamvu yonse kwa mphindi zisanu zokha kapena khumi. Nanga ikanafewa bwanji?

Mphamvu ikakwana, chepetsani moto. Pa mbaula, tsekani kachitseko ka mphepo, phulani makala ena, kapena wazani phulusa pang'ono pamwamba pa makalawo. Chimene mukufuna ndi kulira kofatsa, kachitsulo kakugwedera pang'onopang'ono. Ngati poto akukuwa mpaka anansi kutuluka m'nyumba, dziwani kuti mukutaya makala ndi madzi. Kachitsulo kaja ndiko kamaika malire a kutentha, ndipo nthunzi yopitirira malirewo kamangoitaya kunja. Madzi akatha nyama imapserera mkati inu osaona, mudzangomva fungo. Koma ngati poto wakhala chete kotheratu, moto wachepa kwambiri, mphamvu yatsika, ndipo mphindi zimene mukuwerengazo n'zabodza. Onjezerani makala awiri atatu. Ena amawerenga kuti poto walira kangati. Njira imeneyi njosadalirika, chifukwa pa moto waukali amalira pafupipafupi, pa moto wofatsa amalira patalipatali. Wotchi ndiyo sinama. Ophika pa mafuwa asamale malawi okwera m'mbali, amasungunula zigwiriro ndi kuumitsa labala. Dikirani nkhuni zisanduke makala.

Nthawi yakwana 11:15. Phulani poto, muike pansi pamalo osafika ana, ndipo musamukhudze. Musanyamule kachitsulo kuti nthunzi ituluke msanga. Mukatero, madzi a mkati mwa nthuli amabwadamuka mwadzidzidzi n'kutuluka, nyama imauma, ndipo msuzi wamafuta ungathe kupopera pakabowo. Msiyeni azizire yekha kwa mphindi 15. Nyama imakhala ikupsabe nthawi imeneyi popanda khala ndi limodzi lomwe. Mbaula ili pa mpata, kazingani anyezi ndi tomato mu poto wina. Phokoso likatha, kamsomali katatsika, gwedezani kachitsulo pang'ono ndi supuni. Ngati sipakutuluka nthunzi, tsegulani, chivundikiro chikuloza kutali ndi nkhope yanu. Chikamakana kutseguka, musachikakamize. Chikukuuzani kuti mkati mukadali mphamvu.

Tsopano yesani nyama. Tengani nthuli ya pakhosi, ibayeni ndi foloko n'kupotoza. Ikalowa mosavuta, mnofu n'kuyamba kusiyana ndi fupa koma nthuli ikadali yathunthu, yapsa. Ikakhala ngati ikukankha foloko, mitsempha yake ikutamuka, sinafike. Onani ngati madzi akadalipo okwana kapu imodzi, khomaninso, muipatse mphindi 10 kuchokera pamene yayambanso kulira. Ikakhala yoti yayoyoka yokha, ulusi wokhawokha, m'kamwa ikumveka youma ngakhale ili mumsuzi, ndiye kuti yapitirira. Ulendo wina chotsani mphindi 10, ndipo lembani penapake, chifukwa poto aliyense ali ndi khalidwe lake.

Chatsala ndi chimene pulesha kuka singathe. Imafewetsa, koma siphwetsa msuzi. Thirani anyezi ndi tomato wokazinga uja, bwezerani poto pamoto osavundikira, ziwire kwa mphindi 15 mpaka msuzi ugwirane n'kumata nthuli. Lawani mchere pomaliza. Nthawi ili 11:45, ndiwo zapsa, tsopano ndi nthawi yotereka madzi a nsima.

Tiwerenge bwino. Nthawi imene poto amalira inali mphindi 50, koma kuchokera 10 koloko mpaka 11:45 ndi ola limodzi ndi mphindi 45. Nyama yomweyo mu poto wamba ikanawira maola atatu, kuphatikiza kuwula thovu ndi kukazinga, bwenzi tikudya cha m'ma 1:30 masana, titathirira madzi kangapo ndi kuwonjezera makala. Choncho pa tonde wokalamba mwapulumutsa pafupifupi theka la nthawi, ndipo gawo lalikulu la kuphikako linali pa moto wochepa. Kuno kumene mitengo yambiri inathera m'mabalani a fodya ndi m'zigafa, ndipo mtolo wa nkhuni ndi thumba la makala zili pa ndalama, phindu limeneli limaoneka m'thumba.

Koma chitani masamu omwewo pa kambuzi kakang'ono. Mphindi 10 zokonzekera, 15 zodikira nthunzi, 20 zophika, 15 zoziziritsa, 15 zomalizira msuzi. Zonse pamodzi ndi ola ndi mphindi 15. Mu poto wamba ndi ola ndi theka, mwinanso osakwana. Mwapulumutsa chiyani? Pafupifupi palibe, ndipo mwaika nyama yofewa kale pa chiopsezo choyoyoka. Mphindi zodikira nthunzi ndi zoziziritsa sizisintha, kaya nyama ndi yanthete kaya ndi yokalamba. N'chifukwa chake pulesha kuka imapindulitsa kwambiri pamene nyama ili yolimba kwambiri: tonde, mkota, msongolo, khosi, mang'ina. Chiwindi ndi impso zisalowemo n'komwe, zimenezo n'zokazinga mphindi zochepa.

(NYIMBO PANG'ONO)

Poto wamba ali ndi malo ake, ndipo tisamunyoze. Pa chinkhoswe, pa ukwati kapena pa chiliza, pamene mbuzi ziwiri zagwa nthawi imodzi, poto wa malita 6 sangathandize. Mungaphike maulendo angati? Pamenepo ndi pa mphika waukulu ndi zikuni. Komanso poto wotsegula amakulolani kulawa, kutakasa, ndi kuvuula nthuli zimene zafewa msanga n'kusiya zolimba zikupitiriza. Izi n'zofunika chifukwa kwa bucha kilogalamu imodzi imabwera yosakaniza, nthiti pang'ono, mwendo pang'ono, khosi pang'ono. Mu pulesha kuka zonsezi zimalandira mphindi zofanana. Ngati mwagula yosakaniza, patulani nthiti ndi nyama ya pamsana, muyambe ndi zolimba kwa mphindi 25, muziziritse, kenako muonjezere zofewazo kwa mphindi 20 kapena 25 zotsalazo. Msuzi wa poto wamba nawonso umakhala wokhathamira, chifukwa umaphwa pang'onopang'ono nthawi yonse.

Ngati mukuphika mu poto wamba, nazi zimene zimathandizadi. Vundikirani ndi chivundikiro chokwana bwino. Moto ukhale woti madzi azingoti bwatu, bwatu, mofatsa. Khalani ndi ketulo ya madzi otentha pambali yothirira. Dulani nthuli zofanana. Papaya wosapsa amafewetsadi nyama, chifukwa utomoni wake uli ndi mphamvu yodula mitsempha, koma amagwira kwambiri pamwamba pa nthuli, ndipo mukachulutsa kunja kumachita phala mkati mukadali molimba. Zoponya supuni kapena msomali mumphika sizisintha kutentha kwa madzi. Ndipo pali mchitidwe wina woipa woponya mapiritsi a panado mu nyama kapena nyemba kuti zipse msanga. Chonde lekani. Mankhwala amenewo si ndiwo, ndipo akachuluka m'thupi amawononga chiwindi. Odyawo, kuphatikizapo ana, amamwa mankhwala osadziwa.

Mawu awiri okhudza chitetezo. Pa chivundikiro pali kabowo kachiwiri kotsekedwa ndi kalabala kapena kachitsulo kofewa. Ntchito yake ndi kutseguka ngati kabowo kakakulu katsekeka. Kakaphulika, gulani kena kofanana nako. Musatseke ndi bawuti, msomali kapena kamtengo, ndipo musasanjike mwala pa kachitsulo kolemera kuti poto apsinje kwambiri. Labala akayamba kutulutsa nthunzi m'mbali, mphamvu siikwana ndipo nyama siipsa pa nthawi yake, choncho musinthe. Pogula pulesha kuka, makamaka ya kaunjika, funsani kaye ngati labala wa saizi yake amapezeka. Amene muli ndi ya magetsi, dziwani kuti zambiri zimapsinja mocheperako poyerekeza ndi zapamoto, choncho onjezerani mphindi zisanu kapena khumi pa tonde. Magetsi a ESCOM akathima pakati pa kuphika, dikirani mphamvu itsike yokha, tsanulirani nyama mu poto wamba n'kumalizira pa mbaula.

Tisanasiyane, tibwereze zofunika. Funsani msinkhu wa mbuzi ndi chiwalo chake musanalipire. Yaing'ono mphindi 20, yokhwima 35, yokalamba 50, kuwerengera pamene poto wayamba kulira. Makapu awiri a madzi pa kilogalamu, moto wofatsa, mphindi 15 zoziziritsa, ndipo msuzi mumalizire poto ali wotsegula. Ngati nyama ndi yanthete kapena alendo ndi khamu, tengani poto wanu wakale.

 

(NYIMBO YOTSEKERA)